Chifukwa chake kutenthetsa chakudya chotsala sikuchotsa poizoni wa sitafilokokasi

M'makomo mwathu ambiri timakhulupirira kuti chakudya chikagona, chongofunika n'kuchibwezera pamoto, chikawira ndiye kuti vuto latha. Pali choonadi pamenepa, chifukwa moto umaphadi tizirombo tambiri. Koma alipo matenda amodzi a m'mimba amene moto sungatiteteze, ndipo amakonda malo otentha ngati kwathu kuno kunyanja, makamaka pa zochitika zimene timaphika zambiri nthawi imodzi monga ukwati, sadaka, ziyala ndi futari ya m'mwezi wa Ramadhani.

Kachirombo koyambitsa matendawa kali m'gulu la mabakiteriya, ndipo dzina lake ndi sitafilokokasi. Kawirikawiri sikachokera kuchimbudzi kapena m'madzi akuda ngati ka kolera, koma pathupi pa munthu wophika. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse amakhala nako m'mphuno kapena pakhungu osadwala chilichonse. N'komwenso kamayambitsa zithupsa ndi mafinya a pabala. Choncho mayi waukhondo, wosamba bwino, akhoza kukasiya m'chakudya atangogwira kumphuno kapena kukanda kabala ka pachala.

Kulowa kwa tizirombo tochepa m'chakudya sikudwalitsa munthu. Vuto limayamba tikapeza nthawi yoswana. M'chakudya chofunda timachulukana, ndipo pamene tikukula timatulutsa poizoni amene amatsalira m'chakudyamo. Chimene chimadwalitsa munthu ndi poizoniyo, osati tizirombo tamoyo. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo zimapirira moto mosiyana. Kachirombo kamafa chakudya chikapsa bwino. Poizoni wake akhoza kuwiritsidwa m'madzi obwadamuka, pa madigiri 100, kwa mphindi 30, n'kukhalabe ndi mphamvu. Iye ali m'gulu la mapuloteni, ndipo mapuloteni ambiri amasintha akaona moto, monga dzira limene limalimba likaphikidwa osabwereranso mwakale. Koma uyu ndi womangika zolimba kwambiri, moti moto wa pamafuwa kapena pambaula sumumasula, ndipo madzi ogaya chakudya a m'mimba nawonso amamulephera.

Zimenezi zinaoneka poyera ku Japani m'chaka cha 2000. Pa fakitale ina ya mkaka pachilumba cha Hokaido magetsi anazima kwa maola pafupifupi atatu, ndipo mkaka wina unakhala wofunda kwa nthawi yaitali osaziziritsidwa. Sitafilokokasi anaswana n'kusiya poizoni wake. Mkakawo unatenthedwa n'kuumitsidwa kukhala waufa, kenako unapita ku fakitale ya ku Osaka kumene anapangira mkaka wa m'mapaketi, umene unatenthedwanso ndi makina kupitirira madigiri 100. Anthu oposa 13,000 anadwala. Chimene ofufuza anapeza mu mkaka umene anthu anamwawo ndi poizoni amene anadutsa pamoto ponsepo osafa. Ngati makina a fakitale analephera, makala athu sangachite zoposa.

Tsopano tibwere kukhitchini kwathu, tiyerekeze ndi samusa za pa ukwati m'mwezi wa Okutobala ku Mangochi. Amayi awiritsa nkhuku 10 koloko m'mawa. Pa nthawiyi nyamayo ndi yabwino, tizirombo tonse tafa. Pofika 11 koloko yazizirako, ndipo ayamba kuinyenyanyenya ndi manja. Mmodzi mwa iwo ali ndi kabala kamene kayamba kutukusira pachala, mpeni unamucheka masiku atatu apitawo. Nyama yonyenya aiika m'beseni, avundikira bwinobwino kuopa ntchentche, aisiya pakhonde kudikira ufa ndi mafuta.

Tinene kuti pa galamu iliyonse ya nyamayo patsala tizirombo 1,000. Pa kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu, madigiri 37 kapena kuyandikira pamenepo, chiwerengero chake chimatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 30 zilizonse. Pakatha ola limodzi tafika 4,000, pakatha maola awiri 16,000, pakatha maola atatu ndi theka tadutsa 100,000. Chiwerengero chimenechi pa galamu ndi chimene akatswiri amati poizoni amayamba kukwanira kudwalitsa munthu. Ndiye kuti isanakwane 3 koloko masana, nyama ya m'beseni ija yaonongeka kale. Samusa akazikazinga 4 koloko m'mafuta owira, tizirombo tifa, poizoni atsala. Alendo akadya 6 koloko madzulo, pofika 9 koloko usiku ena ayamba kusanza.

Taonani kuti palibe amene akanadziwa ponunkhiza kapena polawa. Chakudya chokhala ndi poizoniyu sichisasa, sichinanda, sichisintha maonekedwe. Taonaninso kuti ngozi ili pa nyama yophikaphika osati yaiwisi. Sitafilokokasi sachita bwino pamene pali tizirombo tina tambiri topikisana naye. Kuphika kumachotsa opikisana nayewo, ndipo dzanja likamuika pa chakudya chakupsa, amapeza munda wolimalima. N'chifukwa chake zakudya zoopsa kwambiri ndi zimene zimagwiridwa ndi manja zitapsa kale: nyama yonyenya kapena yodula, nsomba yochotsa minga, mazira osenda, mbatatesi zosakaniza ndi mayonezi, ndi zamkaka. Mchere sum'letsa kwenikweni, chifukwa amakula ngakhale pamchere umene tizirombo tina timalephera. Mkaka wa ng'ombe kapena mbuzi yotupa bere ukhozanso kubwera naye kuchokera kukhola, ndiye uyenera kuwiritsidwa ukangokamidwa, osati madzulo utakhala tsiku lonse m'chigubu.

Matenda ake amadziwika ndi liwiro. Amayamba pakati pa mphindi 30 ndi maola 8 munthu atadya, ndipo amabwera mwadzidzidzi: mseru, kusanza kwambiri, kupotokola m'mimba, kenako ambiri amatsegula m'mimba. Thupi nthawi zambiri silitentha. Chifukwa cha liwiro limeneli, ndiponso chifukwa anthu angapo amene anadyera limodzi amagwa nthawi imodzi, maganizo amathamangira koti wina wathira mankhwala m'chakudya. Mabanja amatha kudana chifukwa cha nkhani yotere, mkamwini kapena mpongozi n'kusenzetsedwa mlandu woopsa. Tisanaloze munthu chala, tiyambe tafunsa kuti chakudyacho chinapsa nthawi yanji, chinagwiridwa ndi manja liti, ndipo chinakhala maola angati chisanadyedwe. Tisadabwenso ngati ena amene anadya nawo sanadwale, chifukwa poizoni sakhala wofanana m'beseni monse ndipo matupi amamumva mosiyana.

Ambiri amachira pasanathe tsiku limodzi, ndipo matendawa sapatsirana. Mankhwala opha tizirombo, amene ambiri amathamangira kukagula kugolosale, sathandiza pano, popeza chimene chikuvutitsa munthu si chamoyo. Chofunika ndi kubwezeretsa madzi m'thupi. Wodwala amwe thanzi pang'onopang'ono, ngakhale supuni imodzi imodzi ngati akusanza. Ngati thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Amene akusala wagwidwa ndi matendawa masana a Ramadhani ali m'gulu la odwala amene Sharia yawaloleza kumasula n'kudzabweza tsikulo, ndiye asakanize madzi pamene thupi likuuma. Mwana wamng'ono, agogo, mayi woyembekezera, kapena aliyense amene akulephera kusunga madzi m'mimba, wasiya kukodza, maso alowa m'kati kapena akutuluka magazi, apite kuchipatala msanga. Chimodzimodzinso amene akutsegula zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, chifukwa kuno kunyanja kolera sitimuiwala.

Popeza moto sungakonze zimene zaonongeka, ntchito yonse ili pa kuletsa poizoni kupangika. Sitafilokokasi sakula m'chakudya chotentha kupitirira madigiri 60, ndiponso sakula m'chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati pamenepa, chakudya chakupsa chisakhale maola oposa awiri, ndipo tsiku lotentha kupitirira madigiri 32, monga masana ambiri a chilimwe ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, ola limodzi lokha. Samusa zija zikanakhala zabwino nyama ikanawiritsidwa 3 koloko, kukulungidwa nthawi yomweyo n'kukazingidwa. Wa bala pachala uja akanapatsidwa ntchito yosonkha moto.

Za kusamba m'manja tinenepo pang'ono, poti ife timagwira madzi kasanu pa tsiku. Wudhu ndi ukhondo wa swala, koma madzi opanda sopo sachotsa bwino kachiromboka pakhungu, ndipo pa wudhu pomwepo zala zimafika kumphuno kumene kamakhala. Amene akuchokera kokaswali kupita kumiphika asambenso m'manja ndi sopo, ndipo chakudya chakupsa achigwire ndi chipande kapena supuni.

Vuto lenileni m'makomo opanda filiji ndi la daku. Ndiwo zimene zinaphikidwa futari isanakwane, anthu n'kupisamo manja podya, zikakhala mpaka 3 koloko m'bandakucha zakhala maola 9 kapena kuposa. Fuduwoma imatinyenga pamenepa: imasunga chakudya chotentha kwa kanthawi, kenako chimangokhala chofunda usiku wonse, kumene ndi kutentha komwe tiziromboti timakonda. Njira yabwino ndi kuphika zokwanira futari yokha, daku n'kuphikira zake zosachedwa kupsa monga phala, tiyi, mazira kapena usipa wouma. Mpunga wogona nawo uli ndi kachirombo kakekake kamene poizoni wake amapiriranso moto, ndiye nawonso si wodalira.

Amene ali ndi filiji apatule gawo la daku ndi chipande choyera anthu asanayambe kudya, aliike m'mbale zosazama kuti lizizire msanga, n'kulilowetsa asanathe maola awiri. Poto wamkulu wodzaza amatenga maola ambiri kuti pakati pake pazizire, ngakhale ali m'filiji. Chakudya chosungidwa motere chitenthetsedwe mpaka chibwadamuke chonse, chifukwa tizirombo tina timafadi ndi moto. Koma filiji siichotsa poizoni amene anapangika kale, ndipo magetsi akazima kupitirira maola anayi, nyama yophika ndi zamkaka za m'menemo siziyeneranso kudyedwa.

Tikudziwa kuti kutaya ndiwo kumapweteka, ndipo chipembedzo chathu chimaletsa kuononga chakudya. Koma nyama imene yakhala tsiku lonse padzuwa la Okutobala itagwiridwa ndi manja yasiya kukhala chakudya, ndipo kuipereka kwa ana a kumadrasa kapena kwa osauka si sadaka. Pa zochitika zazikulu, zotsala zigawidwe nthawi yomweyo anthu akamaliza kudya, zikadali zotentha, ndipo olandira auzidwe kuti adye akangofika kunyumba, asasungire mawa.