Mphaka akasowa, lemberani munthu amene sanamuonepo

Zidziwitso zambiri za mphaka wosowa zimalakwika pachinthu chimodzi: mwini wake amalemba zimene zili mumtima mwake, osati zimene munthu wodutsa m'njira angaone ndi maso. "Mphaka wathu wokongola, wofatsa, wokonda kunyamulidwa." Zonsezi n'zoona kunyumba. Koma mphaka wosokera amakhala wamantha, amabisala pansi pa galimoto, m'ngalande kapena kuseri kwa mulu wa njerwa, ndipo womuonayo amangomuona kamphindi asanazimiririke. Chidziwitso chizimuthandiza munthu ameneyu kunena kuti, "Ndi yemwe uja."

Tiyerekeze kuti wasowa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Pamwamba pa pepala mulembe mawu awiri okha, akuluakulu oti awerengeke munthu ali patsidya pa msewu: MPHAKA WASOWA. Pansi pake chithunzi choonetsa thupi lonse ndi mchira womwe, chifukwa anthu ambiri adzamuona chammbali kapena chakumbuyo akuthawa. Kenako mawu monga awa:

"Mphaka wamwamuna, wofula, wamkulu thupi. Ndi wotuwa wa mizeremizere yakuda, koma pachifuwa ndi mapazi akutsogolo m'poyera. Khutu lakumanzere n'long'ambika kunsonga. Dzina lake ndi Phulusa. Wasowa pa 14 Meyi madzulo, pafupi ndi msika wa Chilomoni. Ndi woweta, koma ndi wamantha: musamuthamangitse, musamugwire. Mukamuona imbani kapena ingoflashani pa nambala ili m'munsiyi, nthawi iliyonse, ngakhale usiku. Tikuimbirani ndife."

Taonani mmene mawuwa ayendera. Ayamba ndi zooneka patali, kukula ndi mtundu wa ubweya, n'kumalizira pa khutu lija. Amphaka otuwa a mizeremizere ali mbwee m'dera lililonse, choncho khutu long'ambikalo ndi limene lidzasiyanitse wanu ndi wa aneba. Ngati anavala kalamba m'khosi tchulani, koma musadalirepo, poti kamatha kuvuka akamapyola mumpanda. Tsiku mulembe ndi mwezi womwe. Mawu oti "dzulo" amakhala onama pepala likangogona usiku umodzi pakhoma.

Mawu oti "ndi woweta" angaoneke osafunika, koma ine sindingawasiye. Kwathu kuno mphaka wachilendo, makamaka wakuda, ena amamukayikira za ufiti, ndipo ana sachedwa kutola miyala. Akadziwa kuti ali ndi mwini wake amene akumufunafuna, dzanja limabwerera. Chenjezo loti asamugwire nalo lili ndi zifukwa ziwiri. Mphaka akathamangitsidwa amasamuka pamene anabisala n'kupita kutali, pomwe nthawi zambiri, makamaka wozolowera m'nyumba, amakhala ali pafupi, m'mipanda ya nyumba zoyandikana nanu. Komanso wamantha amakanda ndi kuluma, ndipo m'dziko limene muli matenda a chiwewe, wolumidwa ndi mphaka wosamudziwa ayenera kutsuka bala ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala. Simukufuna kuti wokuthandizani akumane ndi zimenezo.

Nambala ya foni ikhale yaikulu ngati mutu uja, ndipo ndi bwino kuika ziwiri za makampani osiyana, kuti ina ikakanika ina igwire. Kuflasha kuja n'kofunika: mnyamata wogulitsa mandasi kapena mlonda wa usiku, amene ndiye amaona amphaka akamatuluka kukada, sangawononge mayunitsi ake chifukwa cha chiweto cha eni. Nambala ya nyumba yanu musalembe. Dera ndi chizindikiro chodziwika, monga msika kapena chigayo, n'zokwanira.

Tsono sungani chizindikiro chimodzi osachilemba, ndipo muonetsetse kuti sichikuoneka pachithunzi. Mwina ndi kadontho kakuda pamimba, mwina mchira wopindika kunsonga. Wina akaimba kuti mphaka ali naye, mumufunse kuti afotokoze yekha, osamutsogolera ndi mafunso ngati "Ali ndi kadontho pamimba eti?" Aliyense angayankhe kuti eya. Wongomuona patali sangadziwe za kadonthoko, ndiye ameneyo mumufunse malo enieni, nthawi ndi kumene mphakayo analowera. Woti mumutumizire kaye ndalama ya thiransipoti pafoni asanakuonetseni ngakhale chithunzi, ameneyo ndi wakuba. Ngati mukufuna kuthokoza wopeza, lembani kuti pali kangachepe, osatchula kuchuluka kwake, ndipo kaperekedwe mphaka ali m'manja mwanu. Pokakumana naye, mupite masana ndi munthu wina, mutatenga dengu lotsekeka kapena katoni yoboola timabowo.

Pepalalo mulilowetse m'pulasitiki kukamwa kwake kutaloza pansi, kuti mvula isasungunule inki, ndipo mumate pagolosale, pachigayo ndi pamjigo mutapempha eni malo. Phulusa akapezeka, mubwerere konseko mukamatule, apo ayi mudzalandirabe mafoni a amphaka otuwa mpaka mwezi wamawa.