Simukhadi yosaoneka: kusintha kampani ya foni popanda kutsegula foni

Chofunika pa simukhadi si kapulasitiki kake ayi. Ndi zimene zinalembedwa mkati mwake: nambala yokuzindikiritsani ku kampani ya foni, ndi kiyi yachinsinsi yotsimikizira kuti layiniyo ndi yanudi. Pa khadi lomwe tinazolowera, zimenezi zimabwera zolembedweratu, choncho khadi la Airtel silingasanduke la TNM. Mukafuna kampani ina, mumakagula khadi lina.

eSIM ndi kachipangizo komatiridwa m'foni ku fakitale. Kamabwera kopanda kampani, ndipo zija zolembedwa pa khadi zimachita kutumizidwa kudzera pa intaneti. Kuti mudziwe ngati foni yanu ili nako, imbani *#06#. Pakatuluka nambala ya manambala 32 yolembedwa EID, ndiye kuti kalipo. Ma iPhone anayamba kukhala nako mu 2018, ndipo iPhone 14 yogulitsidwa ku America ilibiretu polowetsa khadi, nkhani yofunika kwa ogula mafoni ochokera kunja.

Tiyerekeze kuti mukupita ku kampani ina. Mukalembetsa ndi chiphaso chanu monga mwa nthawi zonse, amakupatsani chizindikiro cha QR. Chizindikirocho si layini. Muli adiresi ya kompyuta ya kampaniyo ndi nambala yotsegulira basi. Mumalumikiza foni ku Wi-Fi, n'kupeza polembedwa Add eSIM, n'kujambula chizindikirocho. Foni imalankhulana ndi kompyuta ija, imakoka layini yanu, ndipo pakapita mphindi zochepa netiweki imaonekera. Layini yakale siichoka. Imakhala momwemo, mumangosankha yoyatsa ndi yozimitsa.

Chimavuta n'chiyani? Kawirikawiri chizindikirocho chimagwira ntchito kamodzi kokha. Munthu akaona netiweki ikuchedwa n'kufufuta layiniyo poganiza kuti ajambulanso, amapeza foni ikukana, ndipo amayenera kubwerera ku kampani kukatenga china. Kuzimitsa ndi kufufuta n'zosiyana kwambiri. Komanso foni imene inatsekedwa ndi kampani yakunja imakana layini ya kampani ina, ikhale ya pulasitiki kapena ya eSIM.

Musayembekezerenso kuti eSIM ikusamutsirani nambala. Kupita ndi nambala yakale ku kampani ina ndi nkhani ya makampaniwo ndi malamulo a dziko, osati ya kachipangizoka. Ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money zimatsalira pa nambala imene munalembetsera, choncho layini yakaleyo musaithamangire kuifufuta.

Pamene khadi lakale limapambana ndi tsiku limene foni yafa. Mumalitulutsa, n'kulilowetsa m'kafoni kamabatani ka mnansi, n'kuimba. eSIM siituluka. Mafoni ena amatha kusamutsirana layini, koma pamafunika kuti yakaleyo ikhale ikuyaka komanso kampani ilole. Ikakhala kuti yatheratu, ndi ulendo wa ku ofesi, chiphaso m'manja.