Oyeza malo ku Machinga ndi Balaka: mizere yopyapyala imene imasankha poika nyumba

Munthu wochoka ku Zomba kupita ku Balaka amadutsa mayiko awiri m'maola ochepa. Ku Machinga msewu umazungulira m'tsinde mwa mapiri a Chinduzi ndi Mongolowe, Chikala akuonekera chakum'mawa, ndipo nyumba zambiri zakhala pa mtsetse. Akawoloka Shire pa Liwonde, dziko limayamba kuyalika mpaka ku Balaka, boma limene lidapatulidwa ku Machinga mu 1998. Womanga ku phiri amaopa madzi othamanga. Womanga ku chidikha amaopa madzi oima. Onsewa yankho lawo lili pa pepala limodzi, pulani ya malo, m'mizere yopyapyala yokhotakhota imene amisiri amaitcha makontuwa.

Pepalali limadutsa m'manja atatu. Woyamba ndi saveya, woyeza malo, amene ambiri adaphunzira ku MUBAS ku Blantyre kapena ku Mzuzu University. Iye amaimika makina ake a miyendo itatu, mnyamata womuthandiza n'kumayenda ndi ndodo ya manambala, kuima pa mamita 5 aliwonse, mpaka kukwera kwa malo onse kwalembedwa. Wachiwiri ndi wojambula mapulani, amene amaika nyumba pa pepalapo. Wachitatu ndi mmisiri womanga, wa chingwe ndi zikhomo, amene nthawi zambiri amalandira pepalalo n'kungoyang'ana kukula kwa zipinda. Apa ndi pamene ntchito ya anzake awiri aja imatayikira, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa mmisiriyu ndi amene adzakumbe maziko.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi wa kuno mzere wa kontuwa amaudziwa kale. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa anthu kukhoma akalozera ndi chingwe ndi kalevulo, kuti mzere wa vetiva udutse m'munda osakwera kapena kutsika. Kalozera ndi kontuwa yojambulidwa ndi khasu. Pa pulani ndi chimodzimodzi: malo onse amene mzere umodzi wadutsa ali pa mulingo umodzi, ndipo kuchoka pa mzere wina kufika pa unzake nthaka yakwera ndi muyeso wofanana, umene umalembedwa m'munsi mwa pepala pamodzi ndi sikelo. Manambala awiriwa mmisiri wodziwa ntchito amawafunafuna asanayang'ane china chilichonse.

Ena amayesa kugwiritsa ntchito mapu aakulu a ku dipatimenti ya boma yoyeza malo, a sikelo ya 1:50,000. Mapu amenewa ndi abwino poona phiri ndi mtsinje umene uli pamwamba pa mudzi, koma poloti ya mamita 20 pa mapuwa siikwana ngakhale theka la milimita. Poika nyumba pamafunika pulani ya sikelo ya 1:200 kapena 1:500, ya mizere yotalikirana theka la mita kukwera kwake.

Tiyerekeze poloti ya m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi Liwonde, ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, litali lake likutsika ndi mtsetse. Sikelo ndi 1:200, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ndi mamita 2 pansi. Pali mizere isanu ndi umodzi, kuyambira 103.0 kumtunda mpaka 100.5 kumunsi. Mwini malo akufuna nyumba ya mamita 9 m'litali ndi 7 m'lifupi.

Mmisiri amaika lula pa pepala. Kumtunda, mizere inayi yoyamba yathithikana, sentimita imodzi yokha pakati pake. Ndiye kuti nthaka ikutsika theka la mita pa mamita 2 aliwonse, kapena mita imodzi pa mamita 4. Mwini malo amapakonda pamenepa chifukwa pali kamphepo ndipo munthu amaona kutali. Koma nyumba ya mamita 7 pa mtsetse wotere ingakhale ndi kusiyana kwa mita imodzi ndi masentimita 75 pakati pa khoma lakumtunda ndi lakumunsi. Kuwonjezapo masentimita 30 okweza simenti ya pansi kuti madzi asalowe, khoma la maziko lakumunsi lingapose mamita 2, kutalika kuposa munthu, chipinda chisanayambe n'komwe. Njerwa zimene zikadafikitsa nyumba pa windo zathera pansi. Njira ina ndi kusema phirilo, koma pamatsala chipupa cha dothi kuseri kwa nyumba, chimene chimafuna khoma lochirikiza, ndipo mvula ikachikhutitsa chimatha kugumukira pa nyumba.

Kumunsi kwenikweni, mamita 8 omaliza, kulibe mzere ngakhale umodzi. Pa ngodya pangolembedwa 100.4. Munthu wosazolowera amasangalala kuti apa ndiye posavuta, ndi pafulati. Mmisiri amawerenga zosiyana: pa mamita 8 nthaka yangotsika masentimita 10, choncho madzi onse ochoka kumtunda adzafika apa ali ndi liwiro n'kusowa kolowera. Malo oyera pa pulani, akakhala m'munsi mwa mizere yothithikana, ndi pogona madzi.

Patsala pakati. Kuchoka pa 101.5 kufika pa 101.0 pali masentimita 4 pa pepala, ndipo kufika pa 100.5 enanso 4. Awa ndi mamita 16 pansi, otsika mita imodzi yokha. Madzi amayenda koma sakumba. Nyumba ikaikidwa litali lake likutsata mizere, mbali ya mamita 7 ndi imene imadula mtsetse, ndipo kusiyana kwake ndi masentimita pafupifupi 45. Kumtunda khoma la maziko lidzatuluka masentimita 30, kumunsi 75, imene ndi mizere ya njerwa pafupifupi khumi. Akaitembenuza kuti mbali ya mamita 9 idule mtsetse, kusiyana kumafika pa 56, ndipo njerwa, dothi lothira m'kati ndi masitepe a pakhomo zonse zimawonjezeka. Pa mtsetse wofatsa ngati uwu kutayako n'kochepa, koma ukakula mtsetse kumakula nako. N'chifukwa chake amisiri akale a m'mapiri, ngakhale opanda pepala, amagoneka nyumba chopingasa phiri.

Ntchito siinathe. Cha kum'mawa kwa poloti, mizere yonse yapindika mofanana, ngati nsonga yoloza kumtunda. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nsonga ikaloza kumtunda, pamenepo ndi khwawa, njira ya madzi. Ikaloza kumunsi, ndi msana wa nthaka, pamene madzi amagawikana kupita uku ndi uku, malo abwino kumangapo. Mu Okutobala khwawa laling'ono lotere limangooneka ngati kanjira ka mbuzi kokutidwa ndi udzu wouma. Mu Januwale ndi mtsinje. Mmisiri amasiyira khwawalo mamita 5, n'kusiya ena 3 ngati mpata, n'kuika nyumba ya mamita 9, ndipo kumadzulo kumatsala 3 kufika m'malire. Kumtunda amasiya mamita 4 kuchoka pa mzere wa 101.5, kuti akumbe ngalande yotchinga madzi a ku phiri. Ngalandeyo siitsata kontuwa ndendende, chifukwa madzi angaime. Imadula mzerewo pang'onopang'ono kutsikira ku khwawa. Chimbudzi chimapita kumunsi kwa nyumba, koma chisanafike pogona madzi paja, poti dzenje la m'dothi lonyowa limagumuka, ndipo chiyenera kutalikirana mamita 30 ndi chitsime chilichonse, ngakhale cha oyandikana nawo.

Ku Balaka, cha ku Ulongwe, Utale ndi m'mbali mwa Rivirivi, vuto limatembenuka. Poloti yonse ikhoza kukhala ndi mzere umodzi kapena kukhala yopanda mzere. Saveya wanzeru kumeneko amajambula mizere ya masentimita 25, kapena amalemba manambala a malo onse amene anayeza, chifukwa kachitunda ka masentimita 30 ndiko kamasiyanitsa nyumba youma ndi yolowa madzi. Chofunika kwambiri ndi nambala ya msewu ndi ngalande yake. Msewu ukakhala pamwamba kuposa pakhomo, madzi ake onse ndi a mwini nyumba. Ndipo pali chimene kontuwa singanene: dothi la makande, lakuda, limene limatupa ndi mvula n'kung'ambika ndi dzuwa, maziko n'kumasuntha nalo. Ichi chimaoneka pokumba dzenje loyesera, osati pa pepala.

Mmisiri wabwino amalemekeza pulani koma saikhulupirira ndi maso otseka. Mizere ija saveya sanaione pansi. Adaiyerekeza pakati pa malo amene ndodo idaima, choncho chulu kapena dzenje loumbirapo njerwa likhoza kubisala pakati. Nambala ya 100 nthawi zambiri si kukwera kuchoka pa nyanja ya mchere. Ndi nambala yongopatsidwa chikhomo chimodzi cha simenti, ndipo chikhomocho chikazulidwa manambala onse amasowa poyambira. Komanso pulani imathera m'malire, pamene madzi sadziwa malire. Kalavati ya msewu wa kumtunda, munda wolimidwa chotsetsereka, phiri limene mitengo yake idapita ku makala: zonsezi zimaonedwa ndi miyendo. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, pamene Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma 15 olengezedwa kuti agwa m'ngozi, ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, adasiya zizindikiro m'makoma ndi m'mitengo, ndipo agogo a pamudzi amaloza bwinobwino pamene madzi adafika.

Kutsimikiza pulani sikulira makina. Paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi imakwanira, chifukwa madzi a mbali zake ziwiri amaima pa mulingo umodzi. Pa poloti ya ku Liwonde ija, mmisiri amakhoma zikhomo ziwiri motsika mtsetse, mamita 8 pakati pake, n'kuyeza kuchoka pa madzi kufika pansi mbali zonse. Kusiyana kukakhala pafupi ndi masentimita 50, pepala likunena zoona. Kukafika 80, pulani ndi yakale kapena dothi lasunthidwa, ndipo ayenera kuitana saveya asanakumbe.

Malamulo a 2016 okhudza kuyeza malo ndi mapulani a zomangamanga adakuza udindo wa makhonsolo pa zomanga, komabe nyumba zambiri za m'midzi ya Ntaja kapena Phalula zimamangidwa popanda saveya, chifukwa cha ndalama. Kumeneko mmisiri yemweyo akhoza kudzipangira pulani: zikhomo pa mamita 5 aliwonse, paipi ya madzi, manambala m'kope, kenako kulumikiza ofanana ndi pensulo. Poloti ya mamita 20 ndi 30 imafuna zikhomo 35, ntchito ya tsiku limodzi kwa anthu awiri.

Cholakwa chimene chimawononga nyumba zambiri za pa mtsetse chimabwera pamapeto, malo atasankhidwa kale bwino. Posalaza, aganyu amasema kumtunda n'kuthira dothilo kumunsi, ndipo pakatha sabata malo onse amaoneka amodzi. Maziko akakhala theka pa nthaka yeniyeni, theka pa dothi lothira, mbali yothirayo imatitimira ikamwa mvula, ndipo mng'alu umakwera khoma motsetsereka kuchokera pa ngodya za mawindo ndi zitseko, pafupi ndi pamene nthaka ziwirizi zakumana. Mzere wa 101.0 pa pulani umauza mmisiri pamene nthaka yeniyeni idali, ngakhale itakwiririka. Ngalande ya maziko iyenera kuboola dothi lothira lonse kufika pa nthaka yolimba, n'kutsika ndi mtsetse ngati masitepe, sitepe iliyonse yokwana mizere yathunthu ya njerwa, pansi pake pali poyezedwa ndi levulo.