Kalata ya transifa: muiwerenge bwino musanamange katundu

Kalata yosamutsa munthu pantchito imakhala ya tsamba limodzi, koma imasuntha banja lonse. Tiyerekeze kuti mlembi wa za ndalama pa kampani ina ku Blantyre walandira kalata pa 3 Juni yomuuza kuti akayambe ntchito ku nthambi ya ku Mzuzu pa 1 Julayi. Ali ndi ana awiri kusukulu, nyumba ndi yalendi, ndipo ulendowo ndi wa makilomita oposa 600. Asanasayine, pali zinthu zitatu zofunika kuzifufuza m'kalatamo: chifukwa, ndalama ndi tsiku.

Tiyambe ndi chifukwa. Makalata ambiri amangonena kuti munthu wasamutsidwa malinga ndi zofuna za ntchito. Kalata yabwino imalongosola kuti ku Mzuzu kwatsegulidwa nthambi yatsopano, kapena kuti amene anali paudindowo wapuma. Imatchulanso udindo umene akukaugwira, giredi yake, malipiro ake ndi bwana amene azikamuyang'anira. Izi n'zimene zimaonetsa ngati munthu wakwezedwa, wangosunthidwa, kapena watsitsidwa mwakachetechete. Ngati giredi yatsika, kapena kalatayo yabwera patangopita masiku ochepa munthu atadandaula za bwana wake, pamenepo mpofunika kufunsa.

Mphamvu yosamutsa munthu imachokera mu mgwirizano umene anasayina polowa ntchito ndi m'buku la malamulo a pakampanipo. Ngati munalembedwa kuti angathe kutumizidwa ku nthambi ina iliyonse, kukana popanda chifukwa chomveka kungatengedwe ngati kusamvera, ndipo kungamuchotsetse ntchito. Komabe olemba ntchito nawo ali ndi malire. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, mu gawo 60, limazindikira kuti abwana angathe kumuvutitsa munthu mpaka kusiya ntchito yekha, ndipo zoterozo zimaonedwa ngati kumuchotsa. Madandaulo otere amapita ku ofesi ya leba ya m'bomalo kapena ku khoti loona milandu ya apantchito.

Pa za ndalama mpamene anthu ambiri amagwa m'mbuna, chifukwa amamva mawu oti alawansi n'kuganiza kuti zonse zili momwemo. Nthawi zambiri ndalamazi zimakhala zamitundu itatu. Pali mtengo wa ulendo, kutanthauza lole ya katundu ndi matikiti a banja. Pali ndalama ya malo ogona ndi chakudya masiku oyamba, munthu asanapeze nyumba. Kenako pali imene apantchito amaitcha disitabansi, yoperekedwa kamodzi kuti ithandize pa zinthu zimene kusamuka kumawononga, monga makatani osakwana pamazenera atsopano, yunifolomu ya sukulu ina ndi mbale zosweka panjira. Kuchuluka kwake kumasiyana kampani ndi kampani, choncho kalata itchule nambala yeniyeni, inene ngati adulapo msonkho, ndiponso tsiku limene ndalamayo ilowe ku banki.

Tsiku lolandira ndalamalo n'lofunika kwambiri. Tinene kuti mlembi uja wapatsidwa disitabansi ya K600,000, ndipo wapeza nyumba ku Katoto ya K200,000 pamwezi. Mwininyumba akafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, monga amachitira eninyumba ambiri m'tauni, ndalama yonse ija yathera pakhomo asanagule magetsi a mwezi woyamba. Ndiye ngati kalata ikunena kuti adzabwezeredwa akabweretsa malisiti, ayenera kuyamba wapeza ndalamazo yekha, ndipo ena apa amathamangira kwa akatapira. Ndi bwino kupempha kuti lole ailipire okha akampani, komanso kuti disitabansi iperekedwe asananyamuke.

Nthawi nayo iwerengedwe mosamala. Kuchokera pa 3 Juni kufika pa 1 Julayi ndi masabata anayi okha. Mwininyumba wa ku Blantyre afuna notisi ya mwezi wathunthu, ndipo ikachedwa munthu amalipira nyumba ziwiri mwezi umodzi. Ntchito yakale iyenera kusiyidwa m'manja mwa wina, mabuku ndi makiyi zitawerengedwa ndi kusayiniridwa. Ana ali pakati pa teremu yachitatu, pomwe chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Pempho lomveka pano n'lakuti iye atsogole pa 1 Julayi, kampani imulipirire pogona, banja lidzatsatire sukulu zikatsekera, lole ija idzabwere nthawi imeneyo.

Zopempha zonsezi zilembedwe m'kalata yoyankha, tsiku lokayamba ntchito lisanafike, ndipo munthu asunge kope lodindidwa. Lonjezo lapakamwa la abwana silithandiza iwowo akasinthidwa mawa. Posayina kalata ya transifa, amene ali ndi mafunso angathe kulemba kuti walandira ndipo ayankha, n'kuikapo tsiku. Choyenera kupewa ndi kungokhala kunyumba osapita ku Mzuzu, osalembanso kalikonse, chifukwa pamenepo mlandu umasanduka wojomba kuntchito, ndipo za transifa zija palibe amene amazimvanso.