Kupempha ngongole ya katundu kwa wopikulitsa oda idakali yaing'ono

Mu Epulo msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, magolosale a ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya amatha shuga ndi mafuta ophikira sabata isanathe. Mwini sitolo amaona ogula akubwerera chimanjamanja, koma mpamba wake sukwana kupikula zambiri. Mafunso otsatirawa ndi amene amavutitsa wamalonda wotere akafuna kuti wopikulitsa amupatse masiku olipirira.

Kodi wopikulitsa aliyense angakambirane naye?

Ayi. Masitolo akuluakulu okhala ndi nthambi m'maboma ambiri amagulitsa mwa ndalama pompopompo, ndipo manijala wa nthambi ndi wantchito chabe, amene katundu akasowa amayankha mlandu kulikulu. Kumupempha ngongole n'kumuika pamavuto. Amene angamve pempholi ndi wopikulitsa amene amakhala yekha pakauntala, kaya pa Kasungu Boma kapena ku Malangalanga ku Lilongwe, chifukwa ndalama ndi zake ndipo chiganizo amamanga ndi iyeyo. Winanso ndi wagalimoto yogulitsa katundu yoyenda mumsewu wa M1 tsiku lodziwika sabata iliyonse: popeza amadzadutsanso pomwepo, sizimuvuta kusiya katundu lero n'kudzatenga ndalama ulendo wotsatira, ngati abwana ake alola.

Nanga wopikulitsa amaopa chiyani kwenikweni?

Kuchepa kwa oda si vuto lalikulu kwa iye. Choyamba amaopa kuti munthu asowa, pakuti ngongole ya K150,000 njochepa kwambiri moti kuthamangitsana nayo kukhoti kapena kutumiza galimoto ku Chamama kungadye zambiri kuposa ngongoleyo. Chachiwiri ndi mitengo. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene adali atakongoza katundu pamtengo wakale adalandira ndalama zosakwanira kugula katundu yemweyo. Kuchokera nthawi imeneyo, wopikulitsa akamva mawu oti "mwezi umodzi" nkhope imasintha. Masiku 7 amatha kuwamva.

Apempha bwanji tsono munthu wa oda yaing'ono?

Tiyerekeze mayi wa golosale ku Santhe amene amapikula katundu wa K600,000 masabata awiri alionse. Mitengoyi njongoyerekezera, chofunika ndi kawerengedwe kake. Kwa miyezi itatu kapena inayi agule kwa wopikulitsa mmodzi yemweyo, alipire zonse, ndipo asunge malisiti m'kope. Ambiri amalakwa apa: amayendayenda m'masitolo asanu kusaka pomwe bele la shuga latsika ndi K500, ndiye palibe wopikulitsa amene amawadziwa nkhope.

Tsiku lopempha asapite mmawa wa Loweruka pamene anyamata akukweza makatoni ndipo mzere wafika panja. Apite masana pakati pa sabata, agule monga mwa nthawi zonse, alipire, kenako atsegule kope lija n'kunena mwaulemu: "Bwana, malisiti anga ndi awa kuyambira Januwale. Lero ndalipira K600,000 yonse. Ndikupempha mundiwonjezere mabele a shuga ndi mafuta a K150,000, ndidzatumiza pa Mpamba Lachitatu likudzali."

Pempho lotere lili ndi kuchuluka kwake, katundu wake ndi tsiku lake. Wopikulitsa akuika pachiswe K150,000 yokha, kwa munthu amene wangomupatsa kanayi kuposa pamenepo. Mawu oti "mundithandizeko kangongole, ndikapeza ndidzabweza" amamveka ngati a m'bale wopempha ya feteleza, ndipo yankho lake limadziwika kale.

Mayiyo akatumiza ndalama Lachiwiri, tsiku lisanakwane, n'kuimba foni kutsimikiza kuti yafika, pakatha maulendo atatu kapena anayi angathe kupempha masiku 14, kapena kukweza ngongole kufika K250,000. Apemphe chimodzi, osati zonse ziwiri nthawi imodzi.

Wopikulitsa akati mtengo wa ngongole ndi wina, avomere?

Awerenge kaye. Tinene kuti pa katundu wa K200,000 wopikulitsa akuwonjezera 3 peresenti pa masiku 14. Imeneyo ndi K6,000. Ngati katunduyo amabweretsa phindu la 8 peresenti, kutanthauza K16,000, mayiyo atsala ndi K10,000 pa katundu amene sakadakhala naye n'komwe. Pamwezi mtengo wa ngongoleyo ndi pafupifupi 6 peresenti, wotsika kuposa chiwongoladzanja chimene amalipitsa mabanki m'khonde ambiri, osanena za katapila.

Koma masamuwa amayenda pokhapokha katundu yense atatha masiku 14 asanakwane. Akagulitsa theka lokha, m'manja muli K108,000 pomwe ngongole ndi K206,000, ndipo yotsalayo iyenera kuchoka ku mpamba wa oda yotsatira. N'chifukwa chake pangongole amatenga shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira, zimene zimatuluka tsiku ndi tsiku. Mapoto, zitenje ndi matochi ali ndi phindu lonona, koma amakhala pashelefu milungu yambiri, choncho amagulidwa ndi ndalama zake za mwini sitolo. Njira yodziwira njosavuta: ayang'ane m'kope kuti bele lomaliza lidatha masiku angati.

Ndi nyengo iti yabwino kupempha kuno ku Kasungu?

Kumayambiriro kwa msika wa fodya, mu Epulo kapena Meyi. Wopikulitsa wa pa Boma amadziwa bwino kuti ndalama zayamba kulowa m'midzi ndipo katundu atuluka msanga. Mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama zonse zili m'munda ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu, amakana ngakhale makasitomala ake akale. Wanzeru amamanga mbiri yake m'miyezi yovutayo polipira zonse, ngakhale oda itatsika, kuti pempho lidzagwe pa nthawi yokolola.

Ngongole zotere zimafera pati?

Nthawi zambiri zimafera m'kope la ngongole la golosale yomweyo. Mlimi wa fodya amatenga shuga ndi sopo mu Malichi n'kunena kuti adzalipira mabele ake akagulidwa. Munthuyo sakunama, koma fodya amatha kukhala pamzere masabata angapo, ena amabwezedwa kuti akasankhidwenso, ndipo kampani ya kontalakiti imayamba yadula ngongole ya zipangizo mlimi asanaone kanthu. Mwini golosale amene watenga katundu wa masiku 14 n'kumupereka kwa munthu wodzalipira pakatha miyezi iwiri wadzitchera yekha msampha. Katundu wa ngongole agulitsidwe kwa olipira pompo basi, ndipo ndalama yake iikidwe payokha madzulo alionse, mwina pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Zikavuta ndithu, aimbe foni tsiku lisanafike, atumize imene ilipo, atchule tsiku la yotsalayo. Kuzimitsa foni ndiye kumathetsa zonse, ndipo opikulitsa a pa Kasungu Boma amadziwana.

Alembe chiyani, ndipo akakanidwa atani?

Palisiti palembedwe ngongoleyo m'makwacha, tsiku lolipira, ndi siginecha za onse awiri. Pakalembedwa "mabele 5 a shuga" opanda mtengo, mkangano udzabuka shuga akakwera sabata yomweyo. Chikole cha njinga yamoto kapena firiji pa ngongole ya K150,000 asavomere, chifukwa chikuposa ngongoleyo kutali.

Akakanidwa, zilipo zina zopempha zimene sizimuopsa wopikulitsa: kumutumizira katundu pa galimoto yopita ku Santhe kuti asamawononge ya thiransipoti, kumulola kubweza zimene sizikuyenda zisanathe masiku, kapena kumupatsa mtengo wa oda yaikulu akaphatikiza oda yake ndi ya magolosale awiri oyandikana nawo. Pa njira yomalizayi, aliyense apereke ndalama yake yonse ulendo usanayambe.