Chala chisanapitirire

Pa TikTok, chala cha woonera sichichedwa: kanema akapanda kukopa m'masekondi atatu oyamba, chimamukankhira m'mwamba. N'chifukwa chake otsatsa ochenjera sayamba ndi chizindikiro cha kampani kapena moni wautali.

Titenge wogulitsa sopo. Kanema wake, wojambulidwa foni itaimirira pa muyeso wa 9:16, ayambe ndi kolala ya malaya yakuda bii ikulowa m'beseni, thovu lili phuliphuli. Mawu ochepa alembedwe pakati, chifukwa m'munsi ndi kumanja mumakhala mabatani, ndipo ena amaonera foni atatseka mawu.

Pa Facebook, wotsatsa amagawa chiwerengero cha "3-second video plays" ndi "impressions". Chikatsika, amasintha chiyambi chokha n'kuyesanso.