Dipoziti ikakanirira kwa landilodi ku Joni, kalata yake ilembeni motere

Amalawi ambiri okhala nyumba za lendi ku South Africa amataya dipoziti yawo osati chifukwa chowononga nyumba, koma chifukwa chotopa. Munthu wabweza makiyi, wasamukira kwina kapena wakwera kale basi ya kumudzi, ndiye amayamba kuimba foni. Ejenti amati mwini nyumba sanavomereze. Mwini nyumba amati ndalama zili kwa ejenti. Mlungu wotsatira yankho limasintha, akuti akudikira munthu wa penti abwere adzaone. Ikatha miyezi iwiri foni yanu sayankhanso. Ambiri amasiyira pomwepo n'kumati mlendo sangalimbane ndi eni nthaka. Chonsecho lamulo la dzikolo pa nkhaniyi lili mbali ya wochita lendi, ndipo gawo lokamba za dipoziti limangonena za wochita lendi, silisiyanitsa nzika ndi mlendo.

Lamulolo ndi Rental Housing Act 50 of 1999, ndipo zimene mukufuna zili mu gawo 5(3). Limati landilodi asunge dipoziti ku banki mu akaunti yobereka chiwongola dzanja, ndipo chiwongola dzanjacho n'chanu. Ndi ochepa amene amauzidwa zimenezi tsiku lolowa m'nyumba. Limaikanso masiku obwezera, ndipo masikuwa ndiwo msana wa kalata yanu. Ngati palibe chimene munawononga ndiponso mulibe ngongole ya lendi, ndalama zonse zibwere pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene pangano la lendi linatha. Ngati pali zoti adule, zotsala zibwere pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene munabweza nyumba m'manja mwa mwini wake. Maejenti ena amakonda kuwerenga masiku 14 amenewa kuyambira pamene iwo amaliza kukonza nyumba, tsiku limene amalidziwa okha, koma mawu a lamulo akunena za kubweza nyumba kwa landilodi. Ngati anakuitanani kuti mudzayendere limodzi nyumba inu osayankha, nthawi imatalika kufika masiku 21.

Pa kuyendera nyumbapa ndi pamene nkhani zambiri zimathera, choncho tiimepo kaye. Lamulo limafuna kuti inu ndi landilodi muyendere nyumba limodzi kawiri: musanalowe, kuti mulembe zimene zinali zowonongeka kale, komanso mkati mwa masiku atatu pangano lisanathe, kuti muone zimene zawonongeka inu muli momo. Ndiyeno gawo 5(3)(j) limati landilodi akalephera kuyendera nyumba inu mulipo, zimatengedwa kuti wavomereza kuti nyumba ili bwino, sangakulipiritseninso kanthu pa zowonongeka, ndipo ayenera kubweza dipoziti yonse pamodzi ndi chiwongola dzanja chake. Malandilodi ambiri, makamaka a zipinda za kuseri kwa nyumba ndi mafulati akale a m'tauni, sayendera n'komwe. Amangoti makiyi muwasiye kwa mlonda. Kenaka, inu mutapita, amalowa okha n'kupeza mndandanda wa zowonongeka umene mtengo wake umangofanana ndendende ndi dipoziti yanu. Kufanana kumeneku kumachitika kawirikawiri moti munthu amasiya kudabwa.

Tiyerekeze kuti munakhala zaka ziwiri mu fulati ku Rosettenville, dipoziti munapereka R4,500, pangano linatha pa 31 Meyi ndipo makiyi munabweza tsiku lomwelo. Munatumiza uthenga pa 27 Meyi kupempha kuti abwere muyendere limodzi, koma palibe anabwera. Pa 20 Juni ejenti akukutumizirani uthenga wakuti adula R2,000 ya penti, R800 yoyeretsera nyumba ndi R350 ya kiyi wa pageti amene munataya, ndipo zotsala "zikubwera". Apa musaimbenso foni. Zolankhulana pa foni sizisiya umboni, ndipo ndi chifukwa chake ejenti amazikonda.

Kalatayo ilembedwe m'Chingerezi chosavuta, isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba ikani deti, dzina lanu monga lilili pa pangano, ndi adiresi yonse ya nyumba imene munachokamo, kuphatikizapo nambala ya fulati. Ilembereni kwa landilodi wotchulidwa pa pangano, ndipo ejenti mumupatse kope lake, onse awiri aone kuti mnzawo walandiranso. Mukatero mwatseka njira yokankhirana ija. Kumbukirani kuti amene munapangana naye ndi landilodi; ejenti amangomugwirira ntchito, ngakhale ndalama zitakhala mu akaunti ya ejentiyo.

Ndime yoyamba ingonena zimene zinachitika ndi madeti ake: munapereka R4,500 pa tsiku lakuti, umboni wake ndi lisiti kapena pepala la ku banki limene mwaphatikiza, pangano linatha pa 31 Meyi, makiyi munapereka kwa wakuti tsiku lomwelo. Ndime yachiwiri inene kuti pa 27 Meyi munapempha kuyendera limodzi nyumba, sikunachitike, ndipo malinga ndi gawo 5(3)(j) landilodi akutengedwa kuti anavomereza kuti nyumba inali bwino. Ndime yachitatu ipemphe zinthu ziwiri zimene muli nazo ufulu woziona: umboni wolembedwa wa chiwongola dzanja chimene dipoziti yabereka pa zaka ziwirizo, ndi malisiti a chilichonse chimene akuti akudula. Mutsindike mawu akuti malisiti. Gawo 5(3)(h) limanena za malisiti osonyeza ndalama zimene landilodi wawonongadi pokonza. Pepala la mmisiri longonena kuti ntchitoyi ingadye ndalama zakuti si lisiti, ngakhale litakhala ndi chidindo chokongola.

Nanga zodulazo muziyankhe bwanji? Penti kuzilala pa zaka ziwiri ndi kutha kwa zinthu kumene kumabwera ndi kukhalamo, ndipo kumeneko ndi kwa mwini nyumba. Zikanakhala kuti mwana analembalemba pakhoma kapena munaboola khoma pomangirira wailesi ya kanema, imeneyo ndi nkhani ina, koma nayonso imafuna kuti ionedwe pa kuyendera kuja. Za kuyeretsa, zithunzi zimene munajambula nyumba ili mbee mutatulutsa katundu ndi zimene zimakuyankhirani. Koma za kiyi, ine ndingati vomerani. Lamulo limatchula makiyi otayika pa zimene landilodi angadule, ndipo munthu wovomera R350 imene akudziwa kuti ndi yoona amamveka bwino akamakana R2,800 yopeka. Choncho lembani kuti mukuvomera kudulidwa R350 akakuonetsani lisiti yake, ndipo mukufuna R4,150 pamodzi ndi chiwongola dzanja. Chiwerengero chilembedwe poyera. Kalata yongoti "ndalama zanga" imapatsa mnzanuyo mpata wosankha yekha kuti ndi zingati.

Ndime yomaliza ikhale ndi akaunti ya ku banki yoti aikemo ndalamazo, ndi tsiku lomaliza. Perekani masiku 14 kuchokera tsiku lolandira kalata, ndipo munene kuti akapanda kulipira mukadandaula ku Rental Housing Tribunal ya m'chigawo chanu kapena ku Small Claims Court. Masiku 14 sindinangowatola: khoti la milandu ing'onoing'onoli limafuna kuti musanakasume mukhale mutapereka kalata yoitanitsa ngongole ndi kudikira masiku 14, ndiye kalata imodziyi igwira ntchito ziwiri.

Pali zinthu zimene ife timakonda kuika m'makalata zimene pano zimangofooketsa nkhani. Kupepesa chifukwa chowavutitsa, kufotokoza kuti kumudzi kuli maliro kapena ana akufuna fizi, zonsezi zimasandutsa ngongole kukhala chithandizo chimene bwana angapereke akamva chifundo. Ulemu ukhalepo, koma simukupempha. Kutukwana ndi kuopseza kuti mumuyalutsa kapena mubwera ndi anyamata n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa kalata yomweyi ndi imene idzawerengedwe pa mlandu. Musalembenso kuti "ngakhale theka lokha ndilandira", pokhapokha mwatsimikizadi kutaya theka linalo.

Katumizidwe kake nako n'kofunika ngati mawu ake. Imelo ndi WhatsApp n'zabwino poti zimasonyeza tsiku ndi nthawi, ndipo zitumizeni ndithu, koma ngati mukuganiza za Small Claims Court, kalata iperekedwe pamanja kapena pa positi yolembetsa. Mukapereka pamanja, tengani makope awiri, wolandirayo asaine ndi kulemba deti pa kope lanu. Ku maofesi ena a maejenti wolandira alendo amakana kusaina, amati bwana watuluka. Pitani ndi mboni, lembani nthawi ndi dzina la amene mwamupatsa, n'kutumiza imelo tsiku lomwelo yonena kuti kalata mwaisiya.

Mwina mukuti pangano lanu linali lapakamwa ndipo lisiti sanakupatseni. Pangano lapakamwa la lendi limagwira ntchito, ndipo kupereka lisiti ya dipoziti unali udindo wa landilodi. Vuto limangokhala umboni. Fufuzani mauthenga akale pamene anatchula dipoziti, mapepala a ku banki, kapena munthu amene analipo mukupereka ndalamazo. Ngati mulibe chilichonse, mufunseni pa uthenga kuti dipoziti ija ya R4,500 abweza liti. Akayankha kuti "mwezi wamawa", wavomera kale kuti anailandira. Sungani yankho limenelo musanatumize kalata.

Kalata ili ndi malire ake. Ngati munachoka muli ndi ngongole ya lendi, madzi kapena magetsi imene pangano linati ndi yanu, landilodi ali ndi ufulu woidula pa dipoziti. Ngati munathawa usiku pangano lisanathe osatsanzika, iye akhoza kukufunsani zambiri kuposa dipozitiyo. Ndipo chizolowezi chathu chokana kulipira lendi ya mwezi womaliza ponena kuti "adule pa dipoziti" chimakuikani inuyo kumbali yolakwa, pokhapokha mutagwirizana zimenezo molemba.

Masiku 14 akatha opanda yankho, Tribunal salipiritsa kanthu ndipo simufunika loya. Mumadzaza fomu, n'kuphatikiza kope la pasipoti kapena chiphaso, pangano ngati lilipo, umboni wa dipoziti ndi kalata ija. Amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo, zikakanika amamva mlandu, ndipo chigamulo chawo chimatengedwa ngati cha khoti la majisitireti. Musayembekezere kuti zitha mlungu womwewo. Mafayilo kumeneko amayenda mwaulesi ndipo muyenera kumafunsa ndi nambala ya dandaulo lanu. Small Claims Court nayo ilibe maloya, ndipo malire a ndalama zimene mungasumire anakwezedwa kufika R20,000 mu 2019, koma mungafunike kulipira wokapereka masamoni ndipo muyenera kukaonekera nokha.

Kukaonekera nokhaku ndi kumene kumagwetsa amene akubwerera ku Malawi, ndipo malandilodi ena akangomva kuti mukupita kwanu amadziwa kuti angodikira basi inyamuke. Ngati ulendo uli pafupi, pemphani kuyendera nyumba molemba nthawi ikadalipo, musatseke akaunti yanu ya ku banki, ndipo kalata ituluke tsiku lotsatira masiku a lamulo akangotha. Ngongole yotere ku South Africa imafa pakatha zaka zitatu ngati simunakasume, ndipo makalata okha, kaya mulembe angati, saimitsa kuwerenga kwa zakazo.